Kuonda kwa Mayi Kachingwe

Ku Kawale ukafunsa munthu wodziwa kuphika mpunga wa paukwati, ankakulozera kwa Mayi Pauline Kachingwe. Chikwangwani analibe, thupi lawo lomwelo linkawanenerera. Anali mayi wojintcha, moti akamakwera minibasi kondakitala ankayamba wausa moyo kenako n'kusuntha anthu. Eni ukwati akangowaona ankati amenewa chakudya amachidziwa, ndipo zokambirana zinkathera pomwepo.

Ntchitoyi anaiyamba amuna awo atamwalira, ndipo sankagwira okha. Anali ndi mnzawo, Karima, mayi wa ku Balaka amene anabwera mumzinda potsatira mwamuna wofuna ntchito. Mwamunayo anapita, Karima anatsala. Anali wochepa thupi, wosalankhulalankhula, koma pa nkhuku ndi anyezi mpeni wake sunkapuma. Kwa zaka zambiri Karima ankamwa ma ARV, ndipo m'gulu lonse la ophika ankadziwa ndi Mayi Kachingwe okha. Ntchito ikachuluka nthawi ya mankhwala n'kukwana, ankangomuuza kuti, "Asisi, kamweni madzi," Karima n'kumva.

Chaka china mutu unayamba kuwavuta Mayi Kachingwe, ndipo tsiku lina anachita chizungulire ali pakati pa mapoto. Kuchipatala anawauza zosakoma. BP inali itakwera, shuga naye anali pakhomo. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti achepetse mchere ndi mafuta, aziyenda, ndipo thupilo litsike.

Mwana wawo Jennifer, amene amagwira ntchito musitolo ku Area 47, ndiye anawaikira kapulogalamu ka pafoni kamene achinyamata amati apu. Yonse inali ya Chingerezi. Mayi Kachingwe Chingerezi amachimva, cha pamsika ndi cha m'kalasi ya kale, koma ichi chinali cha zilembo ziwiriziwiri. Apu itafunsa kulemera kwawo, analemba 104 monga inanenera sikelo ya kuchipatala. Msinkhu anausiya momwe anaupezera. Foni inaganiza pang'ono, kenako inawauza mwaulemu kuti ndi owonda mopitirira muyeso, ndipo ndi bwino aziwonjezera chakudya.

Mayi Kachingwe anaseka mpaka misozi. "Jennifer, foni imeneyi ndi yanzeru kuposa nesi uja. Tandipatsa batala."

Jennifer anailanda foniyo. Pambali pa nambala panali tizilembo ta lb, osati kg. Apuyo inkawerenga mapaundi, ndipo mapaundi 104 ndi makilo 47 okha, thupi la mtsikana wa sekondale. Atasintha miyeso kuti ikhale ya makilo, masentimita ndi makilomita, nambala ija inangosanduka 47, choncho anaifufuta n'kulembanso 104, msinkhu nawo n'kuukonza. Apa foni inasintha mawu. Inafunsa kuti akufuna kufika makilo angati, ndipo pa liwiro lanji. Mayi Kachingwe ankafuna zithe msanga, koma anasankha theka la kilo pa sabata chifukwa ndi zimene nesi ananena. Cholinga cha masitepe oyenda pa tsiku apu inali itaika chachikulu, cha anthu opanda mawondo owawa, ndipo anachitsitsa kuti ayambire pamene angathe.

Kenako panabwera timafunso totsatizana, kalikonse kali ndi Allow ndi Don't allow pansi pake. Apa mayiwo sanafune womasulira. Anakana zonse. Munthu wamkulu kumayendayenda m'misewu wopanda kopita ndi chinthu chochititsa kale manyazi, ndiye foni izikalengezanso? Mawa lake anayenda mpaka ku Biwi n'kubwerera, thukuta lili kamukamu, koma apu inaonetsa ziro. Jennifer anawafotokozera kuti funso loyamba lija linali lopempha kuti foni izimva kuyenda kwa thupi, ndipo popanda chilolezocho singawerenge kanthu. Limenelo analola. La kudziwa malo amene ali, kuti izijambula njira pamapu, anakana. La kuona manambala a anthu a m'foni mwawo, kuti iwapezere anzawo, anakananso mokweza mawu ngati foniyo ikumva.

Anazolowera. Foni inkakhala m'thumba la epuloni, chifukwa anaona kuti akaisiya pa chaja ulendo wonse umapita pachabe. Kutakasa mphika wa mpunga, ntchito yotyola msana, apu sinkakuwerengera n'komwe, ndipo zimenezi sanaikhululukire. Akapita kuchipatala ankalemba okha kulemera ndi BP. Analembamonso dzina la mapiritsi awo kuti foni iziwakumbutsa m'mawa. Mzere wa kulemera unayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Mutu unasiya, mawondo anapepuka, madiresi a yunifolomu anapita kwa telala kukabweza.

Koma ku Kawale munthu saonda popanda chifukwa, ndipo chifukwacho anthu safunsa mwini wake. Amafunsana okha pampopi. Poyamba ankati mwina ndi maganizo. Kenako anakumbukira kuti amuna awo aja anadwala nthawi yaitali. Moni anayamba kutalika: "Muli bwanji, amayi? Koma muli bwinobwino?" Ukwati wina anaupereka kwa ophika a ku Chinsapo popanda kunena chifukwa. Eni ukwati wina anati achibale aphika okha. Mayi Kachingwe zinawapweteka kwambiri, chifukwa m'moyo mwawo monse anali asanamvepo bwino m'thupi ngati nthawi imeneyi.

Panatsala ukwati umodzi waukulu, wa ku Area 49, ndipo wapampando wa komiti ya zakudya anali Mayi Veronica a kutchalitchi kwawo. Ameneyu anali mayi woti akamva nkhani m'mawa, pofika masana yafika ku Mgona. Ukwati umenewu ukawadutsa, Mayi Kachingwe ankadziwa kuti mapoto awo achita dzimbiri. Komiti inali isanayankhe.

Ndi pamene anaganiza zotsegula chimene anatseka. Mayi Veronica nawo anali ndi apu yomweyo, ankaigwiritsa ntchito poyenda ndi amayi a kwaya Loweruka. Jennifer anawaonetsa amayi ake tsamba logawana ndi munthu wina: umamutumizira pempho, iye akavomera amaona zokhazo zimene wamutsegulira. Panali timabatani tinayi, ka masitepe, ka kulemera pamodzi ndi cholinga chake, ka BP, ndi ka mankhwala. Mayi Kachingwe anawerenga tsambalo kawiri, chala chikutsatira mzere uliwonse. Anatsegula masitepe ndi kulemera. Enawo anati ndi za iwo ndi nesi.

Nzeru yake inali yabwino ndithu. Aliyense woona akanazindikira kuti cholinga chinaikidwa kalekale thupi lisanayambe kutsika, ndipo latsika motsatira mzere, pamodzi ndi maulendo a tsiku ndi tsiku. Kuonda kochita kufuna, kokhala ndi umboni. Mayi Veronica anavomera pempholo tsiku lomwelo, ndipo posakhalitsa anawaitana kunyumba kwawo kuti akambirane za ukwati.

Anapita ndi Karima, monga ankachitira nthawi zonse. Anawalandira pakhonde, Mayi Veronica ali ndi foni m'manja ndi amayi ena awiri a komiti.

"Amake Jennifer, ndaona, mwalimbikira," anatero Mayi Veronica. "Ine ndimawauza anthu kuti musamangoyankhula. Eti ndi dayeti chabe."

"Ndi zomwezo, amayi. Achipatala anandiuza."

"Eya. Koma pali kanthu kamodzi." Anatembenuza foni yawo. "Apu imeneyi nanenso ndili nayo, ndimaidziwa. Pamakhala mabatani folo. Kwa ine akubwera awiri okha. Nanga za mankhwala mwatsekeranji?"

Apu sinawauze kuti pali chobisika. Mayi Veronica anangowerenga zimene palibe, luso limene anali nalo foni zisanabwere.

"Si kuti tikukukayikirani," anawonjezera mmodzi wa amayi aja. "Koma ndi chakudya cha anthu ambiri, mukudziwa mmene anthu alili. Mungotsegula, tione kuti ndi a BP basi, nkhani ithe. Ife tikufuna tikawatsimikizire eni ukwati kuti kukhitchini kulibe za matenda aja."

Mayi Kachingwe anatulutsa foni m'chikwama. Zinali zosavuta. Kabatani kamodzi, ndipo pakanaoneka dzina la mapiritsi a BP, lomwe theka la amayi a kwaya amamwanso. Anafika pa tsamba lija, chala chili m'mwamba. Pambali pawo Karima anali atakhala pa mpando wapulasitiki, manja pamiyendo, akuyang'ana maluwa a m'chitini ngati nkhaniyo ndi ya nyengo. Manja amenewo anali atadula nkhuku za maukwati a ana a amayi onse atatuwo, ndipo palibe anadwalapo, chifukwa matendawo sayenda m'chakudya. Mayi Kachingwe anaona kuti akatsegula, ndiye kuti avomera kuti funsolo ndi loyenera, ndipo paukwati wotsatira funso lomwelo lidzagwera amene wakhala pambali pawoyu. Anachita manyazi kuti anafika mpaka potulutsa foni.

Anatsitsa chala mpaka pansi pa tsambalo, pa mawu ofiira akuti Stop sharing. Foni inafunsa ngati akutsimikiza, n'kuwachenjeza kuti munthuyo sadzaonanso kalikonse. Anatsimikiza.

"Zasowa," anatero Mayi Veronica akugwedeza foni yawo. "Netiweki kapena?"

"Si netiweki, amayi. Ndatseka ndine. Zimene mwaona kale ndi zanu, sindingazilande. Mukafuna mpunga mundiimbira."

Sanaimbe. Ukwati wa ku Area 49 unaphikidwa ndi anthu ena, ndipo amene anapitako amati mpunga unali wamadzi, ngakhale zimenezi zingakhale zongowasangalatsa Mayi Kachingwe. Nkhani ya kabatani kotseka inazungulira Kawale yense, ndipo inakula kuposa ya kuonda ija. Masiku ano amaphika pa zinkhoswe zing'onozing'ono ndi pamaliro, komanso amagulitsa mpunga wa masana kwa amakanika a ku Biwi. Mapoto awo awiri aakulu anawabwereketsa kwa anthu. Thupi lafika pamene nesi ankafuna, ndipo BP ili m'malo.

Tsiku limene anachoka kwa Mayi Veronica sanakwere minibasi. Anayenda wapansi, Karima ali pambuyo pang'ono monga mwa chizolowezi chake. Anadutsa mpopi, anadutsa ogulitsa makala. Atayandikira kwawo Karima anafulumira n'kuwapeza.

"Asisi, mukanangotsegula. Ine sindikanadandaula."

"Ndikudziwa," anayankha Mayi Kachingwe.

Anayenda pang'ono, kenako Mayi Kachingwe anayang'ana dzuwa, n'kupisa m'chikwama kutulutsa botolo la madzi.

"Nthawi yakwana. Imwani madzi."