Mafunso amene tinatumiza ku Balaka

“Fufutani moniyo,” ndinatero.

Mayi a kunyumba sanafufute. Foni inali yawo, zala zinalinso zawo. Anati munthu sumuyamba ndi mafunso ngati wapolisi wapamsewu. Anamufunsa wogulitsa kompyutayo mmene wadzukira, za ana, ndi za kutentha kwa ku Balaka. Munthu woti sitinamuonepo.

Ntchito yanga ndi yobena nyimbo pa Ulongwe. Munthu amabwera ndi foni kapena fulashi, ine n’kumuikiramo zomwe akufuna. Nyimbo za pa wailesi aliyense ali nazo. Chimene chinkandibweretsera anthu ndi zina: makwaya a m’midzi muno, sikiri, manganje, zomwe ndinatolera zaka zambiri kwa ojambula maukwati ndi zinamwali. Zonsezo zinali mu kompyuta imodzi.

Tsiku lina magetsi anazima, n’kubwera mwamphamvu. Kompyuta inanunkha, basi. Ndinainyamula kupita nayo kwa mmisiri wina mumsika wa Balaka. Anaitsegula, n’kupukusa mutu ngati wafika pamaliro. Anati bodi, mtima wa kompyuta, yapsa, hadi disiki yosunga nyimbo yapita nayo limodzi. Anandipatsa ndalama ya nkhuku imodzi kuti ndimusiyire atolemo zitsulo. Ndinalandira.

Nandolo anali atayamba kugulidwa. Imeneyo ndiye nthawi yomwe anthu amakhala ndi kanthu m’thumba, ndipo ine ndinali pakhonde manja lende. Ndiye mayi anapeza chithunzi pa gulu la zogulitsa la pa intaneti. Kompyuta ya patebulo, yogwirapo kale ntchito, ili ku Balaka.

Moni atatha, ndinayamba kutchula, iwo akulemba. Pulosesa yake ndi yanji. Ramu ndi yochuluka bwanji. Hadi disiki ndi yaikulu bwanji, ndipo ikamagwira ntchito imalira kapena iyayi. Ikatentha imazima yokha kapena iyayi. Mtengowo ndi wa bokosi lokha, kapena ndi sikirini, kiyibodi ndi nthambo zomwe. Inakonzedwapo. Akuigulitsiranji.

Mayi anati ndikufunsa ngati ankhoswe. Ndinati mbuzi umaiona mano. Anandikumbutsa kuti iwowo sindinawafunse ngakhale funso limodzi, ndinangoima pa mjigo masiku ambiri ngati mtengo. Ndinati lembani.

Ndinawonjezera kuti atumize kanema ikuyaka kuchokera pamene wadina batani, ndi chithunzi cha kumbuyo kwake. Anene ngati mabowo onse olowetsa fulashi akugwira, chifukwa kwa ine mabowo ndiye khasu. Ndipo adziwiretu kuti ndalama ya pafoni situmiza tisanaione ndi maso.

Anayankha msanga. Mnyamata waulemu, wolankhulitsa. Pulosesa ndi ramu anatchula, zinali zonga za yanga yakale, zokwanira ntchito yanga. Sikirini palibe, bokosi lokha. Zimenezo sizinandivute, sikirini yanga inapulumuka. Kwina konse yankho linali limodzi: ili bwinobwino, madala. Anati inachokera kunja, inkagwira mu ofesi yozizira, ndipo fumbi la kuno silikuidziwa.

Kanema anabwera. Inayakadi. Kenako chithunzi cha kumbuyo.

Mayi anachikulitsa ndi zala ziwiri. Anachiyandikitsa kumaso. Kenako anandilozera bowo la m’munsi. Munali kanthu kobiriwira.

“Abambo, iyi si patapata yanga iyi?”

Inali yawo, ndipo kompyutayo inali yanga yomwe ija. Bowo limenelo linkasiya kuwerenga fulashi nyimbo zili pakati, makasitomala n’kumabwerera kudzandikalipira. Tsiku lina ndinadula kachidutswa ka patapata yawo n’kutsekapo kuti ndisamaiwale. Patapatayo inali isanathe. Mlandu wake unatenga sabata.

Mayi anaseka mpaka anakhala pansi. Ankati patapata yawo yafika kunja iwo asanafike n’ku Lilongwe komwe.

Ine sindinaseke. Ndinati mufunseni kuti mu hadi disiki muli chiyani.

Mnyamata anati muli nyimbo zachikale zambirimbiri, zakumudzi, za Chiyao, zopanda ntchito. Tisadandaule. Madzulo omwewo aifomata, aikemo zonse zatsopano, tidzaipeze yoyera.

Kufomata n’kufufuta zonse. Zaka zanga zonse.

Ndinafuna kulanda foni ndimuimbire. Mayi anaibisa kumbuyo. Anati ndikamuuza kuti nyimbozo ndiye chuma, mtengo ukwera. Ndikamuuza kuti kompyuta ndi yanga, aganiza kuti tikubwera ndi apolisi, azimitsa foni. Anati ndikhale chete, poti ndi ntchito yokhayo yomwe ndimaitha bwino.

Analemba okha. Anati achimwene, musavutike n’kuifomata, bambo akunowa ndi munthu wovuta, safuna chinthu chotsukidwa ndi wina, ngakhale mbale amatsukanso. Akufuna aione mmene ilili, kuti adziwe kuti simukubisa matenda. Mukaikhudza sagula.

Ndinati za mbalezo n’zabodza. Anati akudziwa, sindinatsukepo mbale chikwatirane.

Yankho linachedwa. Ndinazungulira nyumba. Ndinakonza mpando womwe sunali wothyoka. Kenako foni inalira. Anati chabwino, madala asakwiye, saikhudza.

M’mawa tinakwera minibasi. Tinamupeza m’kashopu kogulitsa machaja pafupi ndi siteshoni. Kompyuta inali pa tebulo, yopukutidwa mpaka kuwala. Ndinati aitsegule m’mbali. Bodi inali yomweyo, fumbi la pa Ulongwe likadali m’makona. Chatsopano chinali chimodzi, kabokosi kolandira magetsi, kamene amati pawa sapulayi. Ndiko kanapsa. Kokhako.

Ndinalowetsa fulashi yanga m’bowo lililonse, limodzilimodzi. Onse anawerenga. La patapata ndinalidumpha. Mnyamata anati chobiriwiracho n’chotsekera fumbi, amaikiratu ku fakitale. Mayi anatsokomola, n’kutuluka panja pang’ono.

Atabwerera anamufunsa bwinobwino, ngati mwana wawo, kuti kunjako ndi kuti. Anakanda mutu. Anati kunena zoona iye anaigula kwa mmisiri wa mumsika, ndipo za kunjazo anamva kwa iyeyo. Ndinamukhulupirira. Wabodza weniweni sakanatumiza chithunzi chija.

Ndinatsegula nyimbo. Zonse zinalimo, mmene ndinazisanjira. Ndinaika manganje ena a kutsidya kwa Shire. Wakabaza yemwe anaima pakhomo anayamba kugwedeza phewa, n’kufunsa ngati tingamuikire mu foni. Mnyamata anamuyang’ana, n’kuyang’ana ine. Ndinazimitsa msanga.

Za mtengo anakambirana ndi mayi. Anamuuza kuti bowo limodzi ndi lakufa, ayese yekha aone. Anatokosola patapata ija ndi kawaya, analowetsa fulashi, inawerenga pang’ono n’kusiya. Anadabwa kuti amayi adziwa bwanji. Iwo anati maloto. Anatsitsa. Tinalipira. Zinawawa, koma nandolo anali akadali pa sikelo, ndipo nyimbo zija sizigulidwa kwina kulikonse. Kachidutswa kaja mayi anakatola n’kukamanga pa nsonga ya chitenje. Anati katundu wawo wabwera.

Ndinasenza bokosi paphewa. Njira ya ku minibasi siidutsa mumsika, koma ine ndinadzera mumsika.

Mmisiri uja anali pa benchi lake, akuwotcherera wailesi. Anandiona, anamwetulira.

“Akulu! Mwapeza ina? Mwachita bwino. Ija inali maliro enieni.”

Ndinatembenuka pang’ono kuti aone kumbuyo kwa bokosi. Mayi anamasula nsonga ya chitenje, anaika kachidutswa ka patapata pa benchi lake, pafupi ndi wailesi. Anakayang’ana. Anayang’ana bokosi. Chowotcherera chinayamba kufukiza thabwa, iye osaona.

Anayamba kunena kuti bodi nthawi zina imadzuka yokha, kuti tikhale pansi, atigulire zoziziritsa kukhosi. Mayi anakhala, poti zoziziritsa kukhosi sakana.

Ine ndinakonza bokosi paphewa n’kumapita ku minibasi.