Zala Zinayi Paphewa

Ntchito ya Kadiso mu situdiyo inali yodula anthu pazithunzi. Tsiku limenelo mayi wamasiye anamuimirira kumsana, galimoto ya maliro ikudikira panja. Chithunzi cha malemu chinali chimodzi chokha, cha pagulu.

Atangokoka burashi yosankhira pakompyuta, mzere wa timadontho wozungulira zosankhidwa unameza jekete lakuda la malemu pamodzi ndi katani yakuda yakumbuyo. Anakulitsa chithunzicho n'kuchepetsa burashi. Atapanikiza batani la Alt lochotsera zosafunika, anachotsa kataniyo pang'onopang'ono. Khutu la malemu litapita nawo, anasiya batanilo n'kubwezera khutulo.

Paphewa la malemu panatsala zala zinayi za mzimayi wosaoneka nkhope. Kadiso anayamba kuzichotsa mwakachetechete.

"Achimwene, zibwezereni," anatero mayiwo. "Dzanjalo ndi langa."