Machubu a Alamu Anga a Sikelo

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, dera lonse limawadziwa ndi dzina loti a Sikelo. Anakalambira pa ukalaliki pa kampani yoitanitsa katundu kunja, ndipo kumeneko n'komwe anatengera matenda awo. Munthuyu sangaone mtengo wa chinthu osafunsa kuti kunja chili pa zingati. Ngakhale pa maliro ndinawamvapo akunong'oneza mnzawo za mtengo wa misomali ya bokosi.

Ine ndine wometa, ndipo mutu wawo ndimameta ndine. Akakhala pampando wanga, sukulu yayamba.

"Alamu, tamverani," anatero tsiku lina, thovu lili kukhosi. "Ndadzaza dengu. Sopo, shuga, mafuta ophikira, mababu, simenti. Kuno dengulo likukwana 60,000. Dengu lomwelo kunja likukwana 100 ya ndalama yawo. Gawani."

"Ndagwira lumo, alamu."

"Ndi 600! Kuti ndalama ziwirizi zigule mofanana, yawo imodzi iyenera kusinthidwa ndi 600 yathu. Nanga kubanki akuti chiyani? Akuti 400. Ndalama yathuyi yavala jekete la eni ake, alamu. Tsiku lina eni ake adzalifuna."

Ine pofuna kuoneka wophunzira ndinati aikemo kumeta m'dengumo, popeza ndinamva kuti kunja kumeta ndi kodula koopsa. Ndiye kuti ndalama yathu ioneka yamphamvu. Anaseka mpaka ndinatsala pang'ono kuwadula khutu.

"Kumeta mungakukweze pa lole? Kumeta kumatchipa kulikonse kumene anthu amalandira zochepa. Mukakuikamo, sikelo inama. Ine ndikuyeza zinthu zodutsa pa chipata cha m'malire."

Zikanathera pakamwa pompo, bwenzi tikungoseka. Koma chaka chimenecho alamu anapuma pa ntchito n'kulandira ndalama zawo zonse pakamodzi. Achemwali anali atazipezera kale ntchito. Nyumba yawo inali itafika pamwamba pa mawindo, kungotsala matabwa ndi malata. Achemwali anali atatopa ndi lendi. Anatopa ndi eni nyumba omwe amawerengera alendo ako ndi kukuuza nthawi yochapa. Ankapita kunyumba yopanda dengayo kukasesa, n'kumaloza poti padzakhale kabati.

Alamu anati ayi, mayi, dikirani pang'ono. Kugula malata lero ndi kufolera nyumba imodzi basi. Koma kugula ndalama yakunja pa 400, kuitanitsa katundu, n'kudikira kuti yathu igwe kufika pa 600 kuti katunduyo akwere mtengo, ndiye kuti denga, siling'i ndi matailosi zonse zitheka. Mapepala a kubanki ankawadziwa bwino. Anaima pamzere milungu ingapo osatopa, mpaka anawapatsa ndalama yakunjayo.

Katundu amene anasankha anali machubu a njinga.

"Anankafumbwe sadya chubu," anatiuza monyadira. "Chubu sichitha fasho. Ndipo bola dziko lili ndi minga, chubu chili ndi msika."

Makatoni anabwera pa lole, ochuluka moti m'nyumba ya lendi sakanakwanamo. Anakawaunjika m'chipinda chochezera cha nyumba yopanda denga ija, n'kufunditsa lona wakuda. Achemwali anangoyang'ana, manja m'chiuno.

"Ndiye machubu alowa m'nyumba yanga ine ndisanalowemo?"

"Ndi alendo a miyezi itatu, mayi."

Miyezi itatu inatha, banki ili pa 400. Dzinja linabwera n'kupita, banki ili pa 400. Mitengo kuno inkangokwera, kunja ili phee. Aliyense ankalira, koma alamu ankabwera kwa ine akumwetulira ngati apeza mwana wamwamuna.

"Alamu! Dengu lafika 75,000! Kunja likadali 100. Tsopano ndi 750!"

"Ndiye mwasangalala kuti sopo wadula?"

"Mpata ukukula! Chingwe chikamakokedwa chonchi, chiduka basi."

"Chiduka liti?"

Apa ankakanda chibwano. "Funso limenelo sikelo siyankha. Imangokuuza kuti ndalama yakwera mumtengo mopitirira. Tsiku lotsika imasunga pakamwa."

Ogulitsa zida za njinga anabwerapo kawiri konse kudzafuna machubuwo, pa mtengo wabwino ndithu. Achemwali anagwira alamu mwendo kuti agulitse. Alamu anakana kwamtuwagalu, ati kugulitsa lero ndi kutuluka m'bwalo chigoli chili pafupi. Ine ndinkawamvera chisoni achemwali, koma sindinama, nanenso zinandilowa. Ndinayamba kuuza makasitomala anga za dengu, ena mpaka anasiya kubwera.

Chaka chachiwiri chili kumapeto, tsiku lina masana, wailesi ya m'shopu yanga inalengeza kuti ndalama yathu yatsitsidwa mphamvu. Yakunja imodzi tsopano ndi 700.

Msewu wonse unangoti zii. Wagolosale wa pafupi nane anatseka chitseko kuti asinthe mitengo. Mayi wina anakhala pansi pakhonde, manja kumutu. Kenaka tinamva mluzu. Alamu ankabwera chothamanga pakati pa msewu, nsapato imodzi ya patapata ili m'manja, malaya ali pamtunda.

"Yagwa! Yagwa! Alamu, ndinanena ine! Eni jekete abwera!"

Anandinyamula, bambo wamkulu ngati ameneyo, n'kundizunguza kasitomala ali ndi mutu wometa theka. Anavina pakhomo panga anthu akuwayang'ana ndi maso ofiira. Wagolosale anatulukira pawindo n'kufunsa ngati kwathu kuli ena odwala chonchi. Ine ndinatseka shopu, tinathamanga limodzi kukatenga achemwali. M'njira monse alamu ankawerengera mokweza: malata a mtundu, matailosi mpaka kubafa, mwinanso geti.

Achemwali nawonso anaseka, koyamba pa nthawi yaitali. Anavala nsalu yawo yatsopano. Koma potuluka anatenga beseni, chigubu cha madzi ndi pampu ya njinga ya mwana wawo.

"Zachiyani zimenezo, mayi?"

"Wogula adzayesa. Tiyambe ndife."

Titavundukula lona, kunatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni, ndi fungo la mphira wopsa. Zilimwe ziwiri dzuwa linali likuphika makatoni aja pansi pa lona wakuda. Alamu anatulutsa chubu chimodzi, chopindidwa bwinobwino monga chinabwerera. Anachipopa akuimba. Achemwali anachiviika m'beseni, ndipo madzi anayamba kubwata. Thovu linkatuluka mopindika monse, mzere wonse.

"Chimenecho n'chapamwamba, chapsa ndi dzuwa," anatero alamu. "Tengani cha pakati."

Cha pakati chinang'ambika ali mkati mopopa. Nyimbo inatha. Tinatsegula katoni ina, ndi ina, mpaka tinafika pa mzere wapansi penipeni, pomwe chubu chimodzi chinakhala m'madzi osatulutsa kanthu. Tinachiyang'ana tonse atatu ngati khanda.

Achemwali anakweza maso kuyang'ana pomwe panayenera kukhala denga. Malata nawonso anali akukwera mtengo masana omwewo, ndipo tonse tinkadziwa.

Alamu anakhala pa katoni, thukuta lili chuchuchu, n'kufunsa ndi mawu aang'ono.

"Komatu mayi, za ndalamazo ndinalondola, eti?"

Achemwali anakunga nsalu yatsopano ija, n'kukokera beseni pafupi ndi makatoni apansi.

"Munalondola, bambo. Gwirani pampu, tione ngati zamoyozi zingafolere chipinda chimodzi."