Foni inali m'chiuno mwanga

Senderani pafupi, siyani kaye mafoni anuwo. Ndinene za mpongozi wanga, amene ndinamutaya chifukwa chosatsegula pakamwa.

Mwana wanga wamwamuna anali msodzi kuno kwa Mphuka, koma mtima wake unali ku bola. Yekha sankasewera, bondo linamukana. Ntchito yake inali yolemba pa peji la pa intaneti la timu yathu: tsiku la masewero amaika chithunzi cha anyamata, timu imene tikumana nayo, bwalo lake, nthawi yoyambira, ndi mawu aja anthu ankaimba. Ine sindiwerenga. Amandiwerengera yekha, n'kunena kuti amai, nanunso mubwere mudzatukwaneko refa.

Chaka chimenecho anapita ku boma Lachitatu, kuja netiweki siivuta. Atabwera anandipatsa foni, monga ankachitira nthawi zonse polowa m'madzi, ndipo ndinaimanga pa nsonga ya chitenje. Lachinayi mvuu inagubuduza bwato. Lachisanu anam'peza m'bango. Aphunzitsi a kusukulu, munthu wa ku Chipata amene ankaphunzitsanso timuyo, anaimbira a timu inayo kuti masewero a Loweruka kulibe.

Loweruka m'mawa, tikukonzeka kunyamula maliro, ndinaona anthu akupatsirana mafoni. Mtsikana wina anandinong'oneza kuti peji lalemba, ndipo anandiwerengera: "Lero ndi lero! Bola iyamba masana, 15 awazi, pa bwalo la sukulu. Nyamukani a kumtsinje, bwalo ndi lathu!"

Dzuwa litakwera inafika lole ya Kanta yodzaza anyamata a kwa Mburuma ochemerera timu yathu, ndi ng'oma ndi malipenga. Za imfa sanamve, anangoona peji. Anadutsa pamsewu akuimba nyamukani a kumtsinje, ife bokosi lili pamapewa. Ataona anazimitsa galimoto n'kuvula zisoti, koma nyimbo inali italowa kale m'makutu.

Titachoka kumanda, mwana wanga wamkazi, wamkulu wokhala ku Lusaka, anaima pamaso pa mkazi wa malemu. Mpongozi wangayo kwawo kunali ku Zumbo, tsidya lija la mtsinje kumene amayankhula Chipwitikizi, ndipo kuno analibe womuyankhulira.

"Mlamu, mwamuna ali m'bokosi, inu muli pa foni kuitana anthu ku bola? Kapena muli naye wina mu timumo?"

Mpongoziyo anati foniyo sanaione chiyambire Lachitatu. Ananditembenukira. "Amai, si amakusiyirani inu?"

Foni inali pamenepo, ikundikanda m'chiuno. Koma m'mawa umenewo ndinali nditadzigwetsa pansi polira, kugubuduzika pa mphasa, ndipo mumtima ndinati ndine ndaidina ndi thupi langa, ndine ndaitana ng'oma pa maliro a mwana wanga. Ndinaopa. Ndinaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira mokweza, ngati sindinamve.

Anthu sanamumenye ayi. Anangosiya kumupatsa moni. Azimayi akamuona pa mjigo, nkhani imatha. Lachinayi lotsatira mpongozi anamanga katundu, natenga ana ake awiri, n'kukakwera boti. Anandigwadira potsanzika. Ine foni nditaibisa pansi pa sutikesi, moto utatha kale.

Loweruka linzake peji linalembanso. Timu ina, bwalo lina, 15 awazi, nyamukani a kumtsinje. Mpongozi ali tsidya lija, foni ili chigonere m'sutikesi.

Apo ndinaitenga n'kupita nayo kwa aphunzitsi. Anaitchaja ku sola, natsegula, poti mwana wanga sankaikiya. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifotokozera kuti malemu analemba mauthengawo Lachitatu lija ku boma, n'kuwauza tsiku ndi ola lotulukira, podziwa kuti kumadzi kulibe netiweki. Uthenga wotere umatuluka wokha, foni ikhale yozima kapena ili pansi pa mtsinje. Panali winanso wachitatu ukudikira. Anandifunsa ngati aufafanize. Ndinati ayambe andiwerengera. Anawerenga, nafafaniza.

Ndinawauza zonse, za chitenje ndi za mphasa. Anati, "Ambuya, mukanangoitulutsa tsiku lomwelo." 

Ndinatuma mawu ku Zumbo kudzera mwa azimayi ogula nsomba. Yankho linabwera lakuti wamva, ana ali bwino, ndipo sanakwiye. Zobwerera sanatchule.

Wa ku Lusaka uja nditamuuza anati iye akanadziwa bwanji, ndipo mpaka lero sanapepese. Aphunzitsi anawasamutsira ku Katete. Peji analitenga wina wa mu timu, koma mawu aja anawasiya, amaimba ena tsopano. Mpongozi wanga anakwatiwanso komweko. Ana amabwera pa Khisimasi, amandiyankha m'Chipwitikizi n'kumaseka. Ine Loweruka masana, mluzu ukalira ku bwalo la sukulu, ndimapita kumunda.