Pepala Lopanda Dzina Limene Gwakisa Anatumiza

Achemwali anga a Tusajigwe anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'labu ya chipatala china cha mishoni kuno ku Tukuyu, kuyeza magazi, mikodzo ndi makhololo a anthu. Atapuma pantchito anagula ng'ombe ziwiri zamkaka, akuganiza kuti asiyana nazo za magazi. Ananama. Foni yawo imangolira tsiku lonse. Munthu akatenga zotsatira kuchipatala amajambula pepala n'kuwatumizira, popanda moni, popanda funso, ngati akuponya mwala padenga.

Chimene chinkandipsetsa mtima ine n'chakuti sayankha molunjika. Ukawafunsa kuti kodi munthuyu achira, amayamba kukufunsa iwe: pepalali n'landani, ali ndi zaka zingati, akumva chiyani m'thupi, adokotala aliona? Ndinkawanena kuti ndi aulesi pakamwa. Ine ndimagulitsa nthochi pamsika wa Kiwira, ndipo kumeneko ukachedwa kuyankha kasitomala amapita kwa mnzako.

Tinabadwa atatu. Wotsiriza ndi mlongo wathu Gwakisa, woyendetsa lole yonyamula katundu kupita ku Kongo. Lolemba lina anatenga amayi athu kupita nawo kuchipatala ku Mbeya chifukwa miyendo inkawapweteka, n'kuwasiya kwa mkazi wake kumeneko. Lachiwiri masana, ndili pamsika, foni inalira. Gwakisa anali ataponya chithunzi m'gulu lathu lapafoni la abale. Linali pepala la ku labu, lojambulidwa mopendekeka, kumutu kwake kolembedwa dzina kutadulidwa. Sanalembe mawu ngakhale amodzi.

Ndinaona manambala, ndipo pambali pa ena panali zilembo zakuda bii, H ndi L. Ndinathamangira kwa Mwaipopo, wogulitsa mankhwala kuseri kwa msika, amene tonse timamutcha dokotala ngakhale sitinaonepo satifiketi yake. Anakulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuimba mluzu.

"Mayi, mwini pepalali ndi ndani?"

"Amayi anga."

"Pepani kwambiri. Impso zatha izi. Uyu ndi maliro oyenda."

Ndinakhala pathumba la makala la munthu wina, ndikulira, n'kujambula mawu kutumiza m'gulu lija. Ndimawakumbukira onse. Ndinati: "Abale anga, ndafunsa odziwa. Mwini pepalali watha, impso zafa, ndi maliro oyenda. Musamuuze, mungomusiya adye chimene akufuna masiku atsalawa." Pasanathe mphindi khumi azakhali a ku Kyela anali ataimba akulira, msuweni wa ku Dar es Salaam akufunsa za basi. Gwakisa anamvetsera uthengawo, foni inaonetsa, koma sanayankhe.

Ndinasiyira mnzanga nthochi, ndinakwera njinga yamoto mpaka kwa achemwali. Ndinawapeza akudulira ng'ombe udzu, foni ili m'nyumba pamoto.

"Achemwali, amayi akufa inu muli ndi ng'ombe!"

Anasamba m'manja, anavala magalasi, n'kukhala pakhonde. Anamvetsera uthenga wanga mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Subilaga, unafunsa chiyani iwe usanayankhe?"

"Ndifunse chiyani? Zalembedwa!"

"Chalembedwa n'chiyani? Khala apa."

Anandionetsa ndi chikhadabo. Mzere woyamba ndi dzina la chimene ayeza, wachiwiri ndi chimene apeza, wachitatu ndi malire a munthu wabwinobwino. H akutanthauza kuti zakwera kupyola malire, L kuti zatsika. Kiriyatinini, anatero, ndi zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimasefa n'kutaya m'mikodzo. Papepalapo anali 610, malire ake ali 106.

"Ndiye si zimene ndikunenazo?" ndinakuwa.

"Zikutanthauza kuti tsiku limene anatenga magaziwa impso sizimasefa bwino, ndipo si pang'ono. Koma pepala silikunena chifukwa, silikunenanso ngati zayamba sabata yatha kapena zaka zisanu zapitazo. Impso zimatha kufooka chifukwa munthu watha madzi m'thupi, kapena wamwa kwambiri mankhwala opha ululu, kapena njira ya mikodzo yatsekeka, ndipo zina mwa izo zimabwerera. Zimathanso kuonongeka pang'onopang'ono ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kuti adziwe ayezanso, aone mikodzo, aunike impsozo. Mwaipopo waunika ndi chiyani, ndi mluzu?"

Sindinaseke. Iwo anatsika mzere wina, wa potaziyamu. Anati umenewo ndi mchere wa m'magazi, womwe umachuluka m'nthochi zanga zomwezi, ndipo impso zikafooka umaunjikana. Unali 6.3 pamene sufunika kupitirira 5.1. Nthawi zina nambalayi imakwera monama ngati magazi anachedwa m'botolo kapena anaphwanyika potenga, koma ikakhala yoona imasokoneza kugunda kwa mtima mosachenjeza.

"Ichi chokha n'chimene sindingadikire nacho. Mwini wake ayezedwenso lero, osati mawa."

"Ndiye tiimbire mlamu awatengere amayi kuchipatala!"

Achemwali anali atakulitsa mzere wa kuchuluka kwa magazi. Magaziwo anali 9.1, otsika. Koma iwo sankayang'ana pamenepo, ankayang'ana malire ake, 13 mpaka 17.

"Malire awa ndi a mwamuna," anatero motsitsa. "A mkazi amayambira pa 12. Ndi a kiriyatinini aja, 106, ndi a mwamunanso. Makina amasankha malire potengera zimene alembetsa pakhomo."

"Mukuti chiyani?"

"Sindikuti kanthu. Malabu ena amasindikiza malire amodzi kwa aliyense, ndiponso kalaliki amatha kulakwitsa. Koma iwe, anakuuza ndani kuti pepalali ndi la amayi?"

Palibe anandiuza. Gwakisa sadula mutu wa chithunzi mwangozi, munthu amene amajambula lole yake mpaka matayala onse aoneke. Ndipo uthenga wanga uja anali ataumva.

Achemwali anamuimbira, foni inangolira. Anaimbira mkazi wake, osatchula za pepala, kungofunsa za amayi. Mlamuyo anati amayi ali bwino, anawapatsa mankhwala opaka m'maondo, magazi sanawatenge n'komwe, ndipo Gwakisa ananyamuka m'mawa, pano ayenera kuti ali pamzere wa malole ku Tunduma kudikira kuoloka malire a dziko. Akaoloka pamenepo ndiye kuti masabata atatu ali m'njira.

Ine ndinalanda foni kuti ndimulembere kuti m'bale wanga usafe, bwerera. Achemwali anandimenya padzanja.

"Wayankhula kale iwe. Zakwana."

Analemba okha, kwa iye yekha, osati m'gulu. Ankalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka ndinafuna kudzikanda. Anafotokoza mawu atatu aja monga anandifotokozera ine, lililonse ndi chimene likutanthauza ndi chimene silingathe kunena. Kenako anawonjezera: "Sindikudziwa mwini pepalali, ndipo sindikukukakamiza kundiuza. Pepalali silikunena kuti munthuyo akufa, Subilaga wayankhula zamantha. Likunena kuti aonane ndi dokotala lero, ayezedwenso potaziyamu ndi mtima. Asayendetse galimoto, asamwe mapiritsi opha ululu, asadye nthochi. Kodi akumva bwanji m'thupi?"

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Tinakhala pakhondepo, ng'ombe zikulirira udzu. Patapita nthawi ngati yophika mpunga, yankho linabwera.

"Mapazi atupa. Amasanza m'mawa."

"Kuyambira liti?"

"Mwezi wathawu."

"Amamwa mankhwala anji?"

"A msana. Awiri m'mawa, awiri madzulo. Chaka chino chonse."

"Adokotala anati chiyani atawona pepalali?"

Apa ndiye foni inalira, ndipo achemwali anaika poti tonse timve. Kumbuyo kunkamveka mainjini a malole.

"Achemwali," anatero Gwakisa, "sanalione. Nesi ndi amene anaona mapazi anga pamene ndimadikira amayi, n'kundikakamiza kuyezetsa. Pepala ndinalitenga pawindo m'mawa uno. Pamzere wa adokotala panali anthu ngati kumsika, lole itapakira kale. Ndinati ndidzaonetsa pobwera."

"Chabwino. Makiyi upatse mnzako. Pita pachipatala cha pomwepo, uwaonetse mzere wa potaziyamu, unene kuti achemwali anga a ku labu akuti muyezenso. Akakutumiza ku Mbeya, tikakupeza komweko."

"Ndifa?"

"Sindikudziwa, mlongo wanga, ndipo pepala silikudziwanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero ungathe kuthandizidwa."

Tinamupeza ku Mbeya usiku, ali pabedi, botolo la mankhwala likudontha, mawaya ali pachifuwa. Atayezanso anapeza kuti potaziyamu uja anali wokweradi, ndipo anali akumutsitsa. Za impso adokotala anati tidikire aunike, sanganene msanga. Ndinazindikira kuti ndi mayankhidwe omwe aja a achemwali, ndipo tsiku limenelo sanandinyanse.

Mapaziwo ndinawaona ali kunja kwa nsalu, otupa ngati mikate. Mwezi wonse Gwakisa ankabwera pamsika kudzatenga nthochi, atavala patapata m'malo mwa nsapato, ine n'kumamuseka kuti wayamba kunenepa ngati bwana.

Achemwali atatuluka kukalankhula ndi nesi, ndinagwada pambali pa bedi kuti ndipepese. Iye ndi amene anayamba.

"Usalire, Subi. Ndinalakwa ndine. Ndinalemba funso katatu n'kufufuta, ndinkaopa yankho lake."

"Ndimayesa ndi amayi."

"Ndikudziwa. Uthenga wako ndinaumvera kanayi. Nditamaliza ndinaliza injini. Ndinati ngati ndatha kale, bola ndikafere kutsidya, amayi asandione ndikuwola. Kutsogolo kwanga kunali kutatsala malole awiri kuti ndioloke pamene achemwali analemba."

Ndinamugwira phazi lotupalo, ndipo chala changa chinasiya dzenje limene linachedwa kubwerera. Ndinachita mantha ndi pakamwa panga kuposa ndi matendawo. Iye anatseka maso, n'kundipempha kuti ndikaimbire azakhali a ku Kyela ndiwauze kuti asiye kulira, palibe amene wafa.