Chimanga Chiwiri cha Lachisanu

Mwezi wosoka fodya munthu samadziwa kuti msana ndi wake. Chaka chimenecho tinathyola masiku anayi otsatizana, kum'mawa kumunda mame akadalipo, masana kusoka, madzulo kupachika m'chigafa. Manja anga anada ndi utomoni moti sopo ankangondiseka.

Ndinali ndi mnzanga amene tinakulira limodzi, wokwatiwa kuseri kwa phiri. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anandikokera pambali nandipempha kuti Lachisanu ndimperekeze kumsika wa ku Malomo. Anati akufuna kukagula nsalu, ndiponso ali ndi mawu oti akandiuze m'njira. Ndinamuseka kuti nsalu imodzi sifuna mboni, koma ndinavomera. Tinapangana kukumana pamphambano, pagolosale ya mayi wina wachisilamu, dzuwa likangotuluka.

Lachisanu ndinadzuka, kapena ndinene kuti maso okha ndiwo anadzuka. Ndinakhala pamphasa ndikuyang'ana ndowa yosambira, ndikuwerenga mumtima chitunda chotsikira kumsewu, minibasi yothithikana, kenako chitunda chomwecho pobwerera. Misozi inalengeza. Sindinkadwala, ndinangotopa basi.

Vuto ndi lakuti kwathu kutopa si chifukwa. Nthawi ya fodya ndani satopa? Ndinatenga foni n'kulemba kuti ndadwala malungo, koma ndinafufuta poopa kudziitanira matenda. Ndinalemba kuti kwabwera alendo, ndinafufutanso, poti mudzi wathu mlendo akafika ndi nkhuku zomwe zimadziwa. Kuimba ndinaopa, chifukwa ndikanamva mawu ake ndikananyamuka. Pomaliza ndinalemba zoona: "Ndatopa kwambiri mnzanga, tidzapite sabata yamawa." Ndinadzitama kuti sindinaname.

Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola. Aliyense amadziwa zimenezi, inenso ndinkadziwa. Kuchokera pamphasa kukafika pachulupo ndi mtunda woti ungaponye mwala, koma ndinadina foni ndili chikhalire, ndinaiika pawindo, ndinafunda chitenje kumutu.

Tulo tatsikulo tinali tokoma. Ndikunena ndi manyazi, koma sindinagonepo chotero chikwatiwire. Ndinadzuka dzuwa lili pamutu, thupi lapepuka, ndipo popita kukamwetsa mbuzi m'pamene foni inalira m'chitenje kuti uthenga wapita. Pasanapite nthawi yankho linabwera: "Palibe kanthu, puma."

Sabata yamawa ija sinafike. Fodya anauma, tinayamba kusankha, kenako kudinda mabelo. Iye sanakumbutse, ine ndinasangalala kuti sanakumbutse.

Zoona zake ndinazimva kwa mayi wapagolosale uja, nditapita kukagula mchere. Anandifunsa ngati ndine amene ndinkadikiridwa tsiku lija. Anati mnzangayo anafika asanatsegule n'komwe, atavala zakutchalitchi, nakhala pabenchi. Minibasi zitatu zinaima, makondakitala akumunyengerera, iye n'kumati akudikira munthu. Pofuna mpango m'chikwama anatulutsa buku la kuchipatala, n'kulibweza msanga. Foni italira masana anawerenga, kenako anatulutsa chimanga chiwiri chophika, nawapatsa mayiwo chonsecho.

"Sanakwere," anatero mayiwo. "Anabwerera kuphiri."

Ndinapita kwawo tsiku lomwelo. Anandilowetsa kuchipinda, natenga dzanja langa n'kuliika pabere lake lakumanzere. Munali chotupa cholimba ngati mwala wa mumtsinje. Anati anachipeza Khirisimasi isanafike, ndipo sanauze munthu, ngakhale amuna ake. Ankaopa kukamva yekha zimene adokotala akanene, ndiye anaganiza zonamizira nsalu. Ndinakwiya, ndinamukalipira kuti akanangonena ndikanakwawa n'kufika. Iye anaseka.

"Ukanakhala iwe ukanalemba zimenezi pafoni? Usadandaule, fodya ndimamudziwa. Unatopa."

Tinapita limodzi kuchipatala cha ku Malomo m'mawa mwake, patadutsa miyezi itatu chichokere Lachisanu lija. Anatitumiza ku chipatala chachikulu, ndipo ndinamudikirira kumeneko mpaka anamutulutsa kuti azikapumira kwawo. Tinamuika m'manda mvula yoyamba isanagwe.

Ndinafunsapo namwino wina ngati miyezi itatuyo ikanasintha kanthu. Anati palibe angadziwe. Anthu amaganiza kuti yankho lotere limatonthoza, koma ine likanakhala inde kapena ayi bwenzi nditalira n'kumaliza.

Masiku ano amandiseka kuti ndine mayi wosakana ulendo. Wina akati ndiperekezeni kuchigayo, ndanyamuka kale. Kutopa ndimatopabe, zaka zikupita, ndipo masiku ena thupi limakana ngati tsiku lija. Ndikagonja n'kugona masana, tulo tikangoyamba kukoma ndimadzidzimuka, ndikufufuza foni pawindo. Ndimatuluka n'kukaima pachulu, ngakhale ndilibe uthenga woti nditumize. Ndinawerenga kamodzi kuchokera pakhomo, ndi mapazi makumi atatu okha.