Mbande Zathu Zinadikira Mvula

Malo a nazale ndinasankha ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pa zonse zimene ndinalemba m'imelo ija, mawu amenewa ndiwo anandivuta kwambiri.

Gulu lathu linali la anthu ochepa, ambiri amayi a mphakati umodzi wa kutchalitchi, kumapiri kuseri kwa Kasina. Kasupe amene timatungako madzi ankaphwera chaka ndi chaka chifukwa mitengo ya kumtunda kwake inatha ndi nkhwangwa. Bungwe lina la ku Lilongwe linatipatsa thandizo la machubu ofesera mbande, mbewu ndi makheni othirira, ndipo tinasainirana kuti pofika kumapeto kwa Okutobala mitengo idzakhala itabzalidwa. Ngakhale tsikulo linali lolakwika kale, pakuti kwathu mvula yobzalira sigwa mwezi umenewo, koma posaina tonse tinali ndi chimwemwe, palibe anawerenga miyezi. Ine ndinali mlembi.

Ndinaumirira kuti nazale ikhale kudambo, pafupi ndi madzi, kuti misana yathu ipumeko. Amayi ena anandichenjeza kuti chisanu chimagona kudambo, ine ndinawayankha mwamwano kuti mitengo si tomato. M'mawa wina wa mu Juni tinapeza mbande zonse zitapsa, masamba ali bii. Tinasamutsira nazale kumtunda ndi kufesanso mu Ogasiti.

Okutobala atayamba, mbande za mbawa ndi mtangatanga zinali zisanafike n'komwe msinkhu wa chikhatho, nthaka ili gwa. Apampando athu, bambo wabwino mtima koma woopa anthu a m'maofesi, anabwera ndi nzeru. Anati tikumbe mayenje, tibzale momwemo, tithire madzi tsiku limodzi, tijambule zithunzi ndi kutumiza lipoti loti ntchito yatha. Zikafa, tidzanamizira mbuzi. Ankaopa kuti tikavomera kulephera, bungwelo silidzatiyang'ananso. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti chimenecho n'chikomekome cha nkhuyu, ndipo kasupe samwa chithunzi. Mbande zimenezi tinazifesa kawiri, ndipo sindikanalola kuziphanso ndi manja anga. Pangano lathu linali ndi ndime yonena kuti wofuna nthawi yoonjezera apemphe molemba tsiku lomaliza lisanafike. Ndinawawerengera ndimeyo.

“Lembanitu, alembi,” anatero apampando, “koma zikakanika, mudzaima nokha pamaso pa anthu.”

Kumudzi netiweki imachita kusakidwa ngati nkhuku yotayika, choncho ndinatsikira ku Chimbiya. Ndinakhala pa benchi kuseri kwa amayi ogulitsa mbatata, foni ili m'manja, kope lili pabondo. Ndinayamba imelo yopita ku bungwe lija ndi zimene tinachita: machubu onse adzazidwa, mbande zamera, anthu akuthirira mosinthana, malo obzala tayeza kale. Kenaka ndinafika pa chifukwa chochedwera. Ndinalemba kuti kunagwa chisanu, n'kuima. Zinali zoona, koma zoona zodula mchira. Ndinadziwa kuti akafunsa chotiteteza ku chisanu china, yankho lili pa malo amene tinaika nazale. Ndinafufuta, ndi kulemba kuti nazale inali kudambo, malowo ndinasankha ndine, ndipo tsopano taisamutsa.

Pempho lenilenilo ndinaliika poyera: atipatse mpaka kumapeto kwa Febuluwale, popanda thandizo lina loonjezera. Ndinafotokoza kuti mu Novembala tidzakumba mayenje ndi kumadula mizu yotulukira pansi pa machubu, mvula ikakhazikika tidzabzala, ndipo mu Febuluwale tidzabwezeretsa zakufa ndi kutumiza lipoti lomaliza. Ndinaikapo zithunzi ziwiri, cha mbande zopsa zija ndi cha zatsopano. Kenaka ndinadina, imelo inapita.

Masiku odikira anali owawa. Kuchitsime anthu ankasintha nkhani ndikafika. Yankho litabwera linali lalifupi: avomera, atitumizira kalata yosintha tsiku kuti apampando asaine, ndipo mlangizi wawo adzabwera kudzaona nazale yatsopano. Ndinawerenga imelo yanga yonse ndi yankholo pamsonkhano, osadumpha mzere. Pa mawu oti malo ndinasankha ndine, amayi amene anandichenjeza aja anangoyang'ana pansi, akumwetulira pang'ono. Zinandipweteka, ndisaname.

Tinabzala mu Januwale, matope mpaka m'akakolo. Koma pa chisankho chotsatira anthu anasankha mlembi wina. Ena anati ndili ndi liuma, ena anati munthu woulula za m'nyumba kwa alendo sasungitsidwa kope. Pa liumapo sindinatsutse.

Ndinapereka kope lija mwaulemu, ndi manja awiri. Mlembi watsopano anafunsanso za kheni imene ndinkasunga kunyumba, poti ndi katundu wa gulu.

“Imeneyo mudzaitenge mitengo ikandipitirira msinkhu,” ndinamuyankha. “Chilimwe chikubwera, ndipo mzere wa kumtunda ndimathirira ndine.”